Mutu 9: Dalaivala akati wafika koma inu simukumuona

Wakabaza amakupezani ndi maso. Mukakweza dzanja pa siteji amadziwa kuti ndinuyo, ndipo inunso mumayamba mwamuona nkhope musanakwere. Galimoto yoitanitsa pafoni siyenda choncho. Dalaivala wa Uber kapena Bolt sakudziwani, mawu anu sanawamvepo, ndipo akamanyamuka sakubwera kwa inu ayi. Akupita pa kapini kamene kaikidwa pa mapu a m'foni mwake. Kapiniko kakakhala pamene inu mwaima, mukumana mosavuta. Kakakhala kuseri kwa nyumba, iye adzaima kuseriko n'kumadikira, ali ndi mtima wonse kuti wafika.

M'mutu uno titenga mzinda wa Joni, chifukwa ndi kumene abale athu ambiri amayamba kukwera magalimoto otere. Uber inayamba kugwira ntchito mu mzindawu mu 2013. Bolt, kampani ya ku Estonia imene kale inkatchedwa Taxify mpaka inasintha dzina mu 2019, inabwera pambuyo pake, ndipo palinso inDrive, imene wokwera ndi dalaivala amanenerera mtengo. Ku Lusaka anthu ambiri amaitanitsa pa Yango. Mabatani amasiyana pang'ono, koma kayendedwe kake n'kamodzi: mumalemba kumene mukupita, mumatsimikiza malo okutengerani, pulogalamu imakupezerani dalaivala, ndipo imakuonetsani dzina lake, chithunzi chake, mtundu wa galimoto ndi nambala yake.

Kadontho ndi kapini

Mukatsegula pulogalamuyi mumaona zinthu ziwiri pa mapu, ndipo anthu ambiri amaziyesa chinthu chimodzi. Choyamba ndi kadontho, kawirikawiri ka buluu, kosonyeza pamene foni ikuganiza kuti muli. Chachiwiri ndi kapini, kosonyeza pamene dalaivala akutumidwa. Kadontho kamayenda nanu mukamayenda. Kapini sikayenda: mukangotsimikiza, kamakhala pomwepo mpaka mutakasuntha nokha. Poyamba pulogalamu imaika kapini pafupi ndi kadontho, ndiye ngati kadonthoko kanali kolakwika panthawi imeneyo, cholakwacho chapita kale kwa dalaivala.

Nanga kadontho kamalakwa bwanji? Foni imadziwa malo pomvetsera masetilaiti a GPS, amene amazungulira dziko ali kumwamba pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Setilaiti iliyonse imaulutsa nthawi yake mosalekeza, ndipo foni imawerengera kuti uthengawo watenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike. Ikamva masetilaiti osachepera 4, imapeza pamene ili. Pabwalo poyera, pamene thambo likuoneka bwino, foni imalondola mpaka mamita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Koma uthengawu umathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, kotero ukachedwa pang'onong'ono pokha, malo amasuntha kwambiri. Pakati pa nyumba zitalizitali za m'tauni ya Joni, ku Hillbrow kapena ku Sandton, uthengawo sufika molunjika. Umayamba wagunda khoma kapena galasi la nyumba ina n'kunjanja, ndiye umafika mochedwa, foni n'kuganiza kuti muli tsidya lina la msewu, mwinanso mu msewu wina. Mukakhala m'kati mwa nyumba yadenga lakonkire, monga m'sitolo yaikulu kapena pansi poimika magalimoto, masetilaiti samveka n'komwe. Pamenepo foni imangoyerekeza potengera nsanja za netiweki ndi mawayifayi oyandikira, ndipo ikhoza kuphonya ndi mamita 100 kapena kuposa.

Foni imaulula yokha ikakhala kuti ikukayika. Kuzungulira kadontho kaja pamakhala bwalo lotuwa. Bwalolo likakhala laling'ono, foni ikudziwa pamene muli. Likakula mpaka kumeza misewu iwiri, musakhulupirire. Chizindikiro china ndi kadontho kamene kakudumphadumpha inu mutaima phee. Onaninso makonzedwe a foni yanu: pa iPhone pali batani lolembedwa `Precise Location`, pa mafoni a Android atsopano pali `Use precise location`. Batani limeneli likakhala lozima, foni imangouza pulogalamu dera limene muli, osati malo enieni, ndipo kapini kakhoza kugwera kutali ndi kilomita yathunthu.

Choncho musanadine batani lotsimikiza, kulitsani mapu ndi zala ziwiri n'kuwerenga dzina la msewu umene kapini kagwerapo. Kenako kwezani maso muone chikwangwani cha msewu umene mwaimapo. Mayinawo akasiyana, kokani mapu mpaka kapini kafike pamalo oyenera. Njira ina yabwino koposa ndi kulemba dzina la malo odziwika amene ali pafupi nanu, monga banki, famase kapena pothirira mafuta, n'kupita kukaima pamenepo. Ntchito imeneyi ndi ya masekondi ochepa, koma ndi imene imapulumutsa theka la ola la kuimbirana mafoni.

Malo abwino okwererapo

Sikuti paliponse pamene munthu angaime, galimoto nayo ingaimepo. Ichi ndi chimene okwera atsopano amachedwa kuchimvetsa, ndipo amakwiyira dalaivala popanda chifukwa. Misewu yambiri ya pakati pa tauni ya Joni ndi yolowera mbali imodzi. Dalaivala akakupitirirani ndi mamita 20 okha, sangabwerere chambuyo. Ayenera kuzungulira mdadada wonse, ndipo nthawi ya m'mawa kapena yoweruka kuzungulirako kungadye mphindi 10. M'mphepete mwa msewu mukakhala mzere wofiira, lamulo la ku South Africa silimulola kuima ngakhale pang'ono. Misewu ina ili ndi njira ya mabasi a Rea Vaya okha. Pa maloboti napo sangakutengeni, chifukwa apambuyo ayamba kale kuliza mahutala.

Palinso nkhani ya mbali ya msewu. Ku South Africa magalimoto amayenda kumanzere monga kwathu, ndiye dalaivala amaima mosavuta ngati inu muli kumanzere kwake. Onani pa mapu kumene kagalimoto kakuchokera. Ngati msewu ndi waukulu, wokhala ndi chotchinga pakati, ndipo inu muli mbali inayo, wolokani nokha pa malo owolokera iye asanafike, kapena ikani kapini mbali yanu kuyambira pachiyambi kuti mapu amutsogolere kudzera koyenera.

Malo akuluakulu ndi amene amasokoneza kwambiri. Sitolo zikuluzikulu, zipatala ndi masukulu aukachenjede zimakhala ndi mageti ambiri, koma mukalemba dzina la malowo, kapini kakhoza kugwera pakati penipeni pa denga, mapu n'kusankha okha geti limene akuliona kuti lili pafupi. N'chifukwa chake mapulogalamuwa amakupatsani mndandanda wa zipata m'malo ena otere, ndipo pa bwalo la ndege la OR Tambo amakulozerani malo okhazikika okwererapo. Sankhani chipata, muwerenge nambala yake pa chikwangwani, ndipo mupite kumeneko musanaitanitse.

Chinthu china sichilembedwa pa mapu aliwonse. Ku Joni pakhala mkangano wa zaka zambiri pakati pa madalaivala a pafoni ndi a matekisi akale. Mu 2017 magalimoto anatenthedwa pafupi ndi siteshoni ya Gautrain ku Sandton pa mkangano womwewu. Mpaka lero pali malo, makamaka pafupi ndi malenki a matekisi ndi masiteshoni ena, amene dalaivala wa pafoni amaopa kuimapo. Akakupemphani kuti muyende pang'ono mukakumane pa kona ina, nthawi zambiri si ulesi. Akuteteza galimoto yake ndi moyo wake. Mverani, bola ngati malo akutchulawo ndi owala, odutsa anthu, ndipo mukuwaona pa mapu. Akakuitanirani ku kanjira kamdima kuseri, kanani.

Kwa ine, malo abwino koposa okwererapo ndi pothirira mafuta. Galimoto imatha kulowa n'kuima popanda kutsekera ena njira, usiku pamawala, pamakhala antchito ndi makamera, ndipo dzina lake limaoneka patali.

Azakhali pa Park Station

Tiyeni titsatire ulendo umodzi woyerekeza, wofanana ndi zimene zimachitika kawirikawiri. Mayi wina wachokera ku Mangochi pa basi, wadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo watsikira pa Park Station chakumadzulo ali ndi zikwama ziwiri ndi thumba la ufa. Mwana wa mchimwene wake ali kuntchito ku Randburg, sangathe kudzamuchingamira, ndiye akuti amuitanitsira galimoto pa foni yake.

Vuto loyamba layamba galimoto isanaitanidwe. Azakhaliwa ali ndi layini ya ku Malawi. Kugula simukhadi ku South Africa kumafuna kulembetsa motsatira lamulo la RICA, ndipo si chinthu chochita uli ndi katundu kumutu. Ngati sanakonzeretu zoti layini yawo igwire kunja, alibe intaneti, ndipo dalaivala sangawaimbire. Kunena zoona, ngakhale layiniyo ikanagwira, dalaivala sakanakhala ndi nambala yawo: pa foni yake pakuoneka dzina la mwini akaunti, ndipo akaimba foni ikulira ku Randburg. Tinene kuti apempha mnzawo wa m'basi kuti awagawireko intaneti, ndipo akulankhula ndi mwanayo pa WhatsApp.

Mnyamatayo walemba `Park Station` n'kutsimikiza osayang'ana. Koma Park Station si nyumba ya khomo limodzi. Kumadzulo kwake kuli msewu wa Rissik, kumpoto kuli Wolmarans, kum'mawa kuli Wanderers, ndipo kuchoka mbali ina kufika mbali inayo ndi mamita mazana angapo, kudutsa m'chikhamu cha anthu. Mapu atsogolera dalaivala ku mbali ya Rissik. Azakhali atsatira gulu la anthu n'kutulukira ku Wanderers. Patapita mphindi zingapo, foni ya ku Randburg yalemba kuti dalaivala wafika.

"Zakhali, galimoto yafikatu. Ndi Toyota Corolla yoyera."

"Mwanawe, zoyera zili mbwee pano. Ndikwere iti?"

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa zinthu ziwiri. Choyamba, onse awiri amayamba kuyenda. Azakhali akoka zikwama kulowera ku Rissik, dalaivala naye wanyamuka kuzungulira kupita ku Wanderers, ndipo asinthana malo osaonana. Lamulo lake ndi lakuti mmodzi aime, winayo ayende, ndipo agwirizane momveka kuti woyenda ndani. Munthu wa katundu wolemera, amenenso malo sakuwadziwa, ndiye aime. Cholakwa chachiwiri ndi kufotokoza malo ndi mawu osathandiza: "ndili panja", "ndili pa geti", "ndili pafupi ndi ogulitsa zipatso". Mageti alipo ambiri, ndipo ogulitsa zipatso ali mbali zonse.

Chimene mnyamatayo ayenera kuchita ndi ichi. Awauze azakhali atuluke pansi pa denga, aime poyera kwa kanthawi kuti foni imve masetilaiti, kenako atumize malo awo pa WhatsApp. Posankha `Send your current location`, pansi pake pamalembedwa kuti malowo alondola mpaka mamita angati. Adikire nambalayo itsike kufika cha m'ma 10 kapena 20 asanatumize. Awapemphenso ajambule chithunzi cha chimene chili patsogolo pawo, chokhala ndi chikwangwani cha sitolo kapena dzina la msewu. Akaona kuti ali ku Wanderers, asunthe kapini. Pa Uber, dalaivala asanafike pamakhala mwayi wosintha malo okwererapo ngati malo atsopanowo ali pafupi. Mwayiwo ukakhala kuti watsekeka, amulembere dalaivala uthenga m'pulogalamu momwemo.

Uthenga wolemba umaposa kuimba pamalo aphokoso, komanso umathandiza pamene Chingerezi cha awiriwo sichikumvana bwino m'makutu. Ukhale waufupi, ndipo unene zinthu zimene munthu ali pa chiwongolero angazione: dzina la msewu, msewu wina umene wadutsana nawo pafupi, chikwangwani chachikulu chimene munthuyo waima pansi pake, ndi maonekedwe ake. Mwachitsanzo: wokwera si ine, ndi mayi wachikulire wovala chitenje chobiriwira ndi juzi yakuda, ali ndi zikwama ziwiri, waima mu Wanderers mbali ya siteshoni, sasuntha. Amufunsenso dalaivalayo kuti iye akuona chiyani pamene waima, ndipo amupemphe ayatse magetsi ophethira onse akamayandikira. Pakati pa magalimoto oyera khumi, yophethira imaoneka msanga.

Zonsezi zikanapewedwa dzulo lake. Mnyamatayo akanayang'ana mapu modekha, n'kusankhiratu khomo limodzi, n'kuwauza azakhali dzina lake basi isananyamuke. Akanadikiranso kuti afike pa khomolo kaye, kenako n'kuitanitsa. Ndipo mapulogalamu ena, kuphatikizapo Uber, amalola kuitanitsira munthu wina polemba dzina ndi nambala yake, kuti dalaivala adziwe amene akumufuna.

Kutsimikiza kuti ndi yomweyo

Nthawi yoopsa kwambiri pa ulendo wonse ndi imeneyi, pamene mwadikira, mwatopa, batire ikutha, ndipo galimoto ina yaima patsogolo panu, dalaivala n'kutsitsa galasi, "Uber?" Munthu amene wasowana ndi dalaivala wake kwa mphindi 15 amakhala wokonzeka kukwera chilichonse chooneka ngati yankho. Anthu achinyengo amadziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake amazungulira pa masiteshoni, pa mabwalo a ndege ndi pa malo achisangalalo usiku, kuyang'ana munthu amene maso ali pafoni, khosi lili m'mwamba.

Mu Malichi 2019, mumzinda wa Columbia ku South Carolina m'dziko la America, wophunzira wa payunivesite wa zaka 21, Samantha Josephson, analowa m'galimoto imene ankaiyesa Uber yomwe anaitanitsa. Sinali imeneyo. Zitseko zakumbuyo zinali zokhomedwa ndi loko woteteza ana, woti munthu wa m'kati sangatsegule, ndipo mtsikanayo anaphedwa. Imfa yake ndi imene inafalitsa chizolowezi chofunsa dalaivala dzina la wokwera musanalowe.

Yambani ndi nambala ya galimoto, ndipo muiwerenge yonse. Mtundu ndi utoto sizikwanira, chifukwa ma Corolla ndi ma Suzuki oyera ndi osawerengeka mu mzindawu. Nambala zambiri za m'chigawo cha Gauteng zimathera ndi `GP`, choncho kuona zilembo ziwiri zomalizazo sikutsimikiza kanthu. Werengani zilembo ndi manambala oyambirira, pa chikwangwani chenicheni cha nambala cha kutsogolo kapena kumbuyo, musanagwire chitseko. Chilembo chimodzi chikasiyana, si galimoto yanu. Chizolowezi chabwino ndi kuloweza nambalayo mukadali m'kati mwa nyumba, n'kubisa foni m'thumba potuluka, pakuti foni yogwiridwa poyera m'mphepete mwa msewu imakopa akuba olanda n'kuthawa. Kwa azakhali athu aja, mnyamatayo ajambule zimene zili pa foni yake, nambala, chithunzi ndi dzina la dalaivala, awatumizire, ndipo awauze mosapita m'mbali kuti nambala ikasiyana asakwere ngakhale munthuyo atawatchula kuti amayi mokoma bwanji.

Kenako nkhope. Galimoto ikhoza kukhala yolondola koma woyendetsa ali wina. Zimachitika kuti munthu amabwereka kapena kuchita lendi akaunti ya mnzake, mwina chifukwa alibe mapepala, mwina chifukwa yake inatsekedwa. Makampaniwa amayesa kuletsa zimenezi pouza madalaivala kuti azidzijambula nkhope nthawi ndi nthawi, koma ena amazembabe. Akanena kuti "ndi ya mchimwene wanga, ine ndangomugwirira lero", mwina akunena zoona, komabe mbiri yonse imene mwaiona pa foni, nyenyezi zake ndi maulendo ake, ndi ya munthu wina. Kukachitika kanthu, kampani idzaloza munthu amene panalibe. Ine ulendo wotero ndimaukana, ndipo ndikulangiza aliyense kuti aukane n'kuuza kampani chifukwa chake.

Pa dzina, samalani ndi kafunsidwe. Mukafunsa kuti "Mwabwerera Chisomo?", aliyense angayankhe kuti eya. Funsani kuti "Mwabwerera ndani?" ndipo atchule yekha. Dalaivala weniweni dzinalo ali nalo pa foni yake. Naye ali ndi ufulu wokufunsani, chifukwa madalaivala nawonso amaberedwa ndi anthu onamizira kukwera, ndiye musakhumudwe akatsitsa galasi pang'ono chabe zitseko zili zokhoma mpaka mutadziwana. Mungamuyankhe pomutchula dzina lake monga lalembedwera pa foni yanu. Ngati munthu wina ndi amene wakuitanitsirani, dziwani dzina limene lili pa akauntiyo, chifukwa ndi limene dalaivala atchule.

Njira yolimba kuposa zonse ndi nambala yachinsinsi. Pa Uber, m'gawo la zachitetezo, mungayatse kuti ulendo uliwonse uzikhala ndi nambala ya madijiti 4. Nambalayo imaoneka pa foni yanu yokha, ndipo dalaivala sangayambitse ulendo m'pulogalamu yake mpaka atailemba molondola. Imeneyi mumamuuza pamaso, mutaona kale nambala ya galimoto, makamaka muli chiimire pa windo, ndipo muone foni yanu ikuvomereza kuti ulendo wayamba. Musamuuze pa foni iye asanafike. Akakuimbirani n'kunena kuti mumupatse nambalayo kuti akupezeni msanga, dziwani kuti nambalayo sithandiza kupeza munthu. Ntchito yake ndi kuyambitsa ulendo, ndipo akayambitsa inu mulibe, ndalama zayamba kuwerengedwa.

Mukakwera, khalani kumbuyo, ndipo yesani ngati chitseko chikutseguka kuchokera m'kati galimoto isananyamuke. Tumizani ulendowo kwa m'bale kudzera pa batani logawana ulendo, kuti azitha kuona pamene muli. Ku South Africa nambala ya apolisi ndi 10111, ndipo 112 imagwira pa foni iliyonse ya m'manja.

Zikakanika ndithu

Nthawi zina mwachita zonse koma simukukumana. Apa yang'anani kagalimoto ka pa mapu, chifukwa kayendedwe kake kamanena zambiri. Kakamazungulirazungulira pafupi ndi kapini, dalaivalayo akukufunani moona, ndipo vuto ndi kapini kapena msewu wolowera mbali imodzi. Mutumizireni chizindikiro china. Kakaima pa kapini penipeni koma inu simukuona galimoto, ndiye kuti inuyo ndi amene simuli pa kapini, kapena muli pa nsanjika ina: m'malo oimika magalimoto osanjikizana, mapu sasiyanitsa wapamwamba ndi wapansi. Kakaima malo amodzi kutali kwa mphindi zingapo, onani kaye ngati intaneti yanu ikugwira, chifukwa bandulo ikatha mapu amauma pamene analekera. Ngati intaneti ili bwino, kagalimoto sikakusuntha kapena kakulowera kwina, ndipo mauthenga sakuyankhidwa, mwina dalaivalayo sakuufuna ulendowo ndipo akudikira kuti muuthetse ndinu.

Nkhani ya amene athetse ulendo ili ndi ndalama m'kati. Dalaivala akafika pa kapini, pulogalamu imayamba kuwerenga nthawi. Pakapita mphindi zochepa mungayambe kulipira za kudikira, ndipo zikakwana pafupifupi 5 amatha kuthetsa ulendo n'kunena kuti wokwera sanabwere, inu n'kulipitsidwa. Pulogalamu imayang'ana kapini, osati pamene munaima, kotero kapini kakakhala kolakwika mlandu umagwera inu. Koma ngati iye ndi amene sanasunthe kapena wachedwa kwambiri kuposa nthawi imene inalonjezedwa, thetsani ulendowo, musankhe chifukwa cholondola pa mndandanda umene ubwere, ndipo mujambule mapu musanathetse. Mukadulidwa ndalama, pitani pa mbiri ya maulendo anu, musankhe ulendowo, mudandaule pamenepo. Mauthenga amene munalemberana m'pulogalamu ndi umboni wanu, chimene ndi chifukwa china cholembera m'menemo m'malo mopatsana manambala.

Pempho limodzi likanidwe nthawi zonse. Dalaivala akafika n'kunena kuti muthetse ulendo pa foni, mungomupatsa ndalama pamanja ndipo akuchotserani pang'ono, zimamveka ngati kukomerana mtima, ndipo n'zomveka kuti iye akufuna kupewa gawo limene kampani imadula. Koma mukangothetsa, palibenso cholembedwa choti munakwera galimoto imeneyo, m'bale wanu sakuonaninso pa mapu, batani ladzidzidzi la ulendowo lapita, ndipo mtengo watsala pakamwa pa dalaivala.

Musanaitanitse kachiwiri, sinthani chimene chinalakwika. Kuitanitsa muli pamalo omwewo, kapini kali pomwe kanali, kumangobweretsa dalaivala wina kuseri komwe kuja. Bwererani m'kati mwa sitolo kapena pafupi ndi mlonda wa yunifolomu, mupeze pa mapu malo odziwika amene galimoto ingaimepo, muyende kukafika, kenako muitanitse polemba dzina la malowo. Batire ikakhala kuti yatsala pang'ono, lembani nambala ya galimoto yatsopanoyo ndi dzina la dalaivala papepala kapena padzanja, mumutumizire uthenga umodzi wonena pamene mwaima ndi zimene mwavala, ndipo mumuuze kuti foni ikhoza kuzima koma simusuntha. Ulendo suthetsedwa chifukwa foni yanu yazima. Iye akuonabe kapini ndi uthenga wanu. Ngati munayatsa nambala yachinsinsi ija, ilembeninso papepalapo, chifukwa popanda iyo ulendo sungayambe.